Mwana sanalembe mayeso koma fomula yamupatsa A

Madamu a Sayansi: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Odziwa Excel ndithandizeni. Ndikuika magiredi a mayeso a kumapeto kwa teremu, ndipo malikisi ali mu kolamu B kuyambira pa B2 kutsika. Malire athu ali motere: 80 kupita m'mwamba ndi A, 65 ndi B, 50 ndi C, 40 ndi D, wochepera pamenepo ndi F. Mu C2 ndinalemba fomula iyi n'kuikokera pansi:

```
=IF(B2>=80,"A",IF(B2>=65,"B",IF(B2>=50,"C",IF(B2>=40,"D","F"))))
```

Kwa ana ena onse zikutuluka bwinobwino. Koma pali awiri amene sanabwere tsiku la mayeso, ndiye m'kabokosi ka malikisi awo ndinalembamo mawu oti "sanalembe". Onse awiri apatsidwa A. Mwana woti pepala sanaligwire n'komwe. Chalakwika n'chiyani pamenepa?

Wapulakatisi: Madamu, ngati mukufuna kudziwa amene ali nambala wani mpaka womaliza, gwiritsani ntchito RANK. Ine ndi imene ndimagwiritsa ntchito ndipo sivuta.

Madamu a Sayansi: Ayi mphwanga, za mapozishoni ndinathana nazo kale. Ndikunena magiredi, A, B, C aja.

Aphunzitsi a Masamu: Fomula yanuyo ilibe vuto madamu, ndaiwerenga kawiri. Mwayamba ndi malire akulu n'kumatsika, ndi mmene zimafunikira. Ambiri amayambira pansi, `B2>=40` koyambirira, ndiye aliyense wopitirira 40 amathera pa D chifukwa IF ikapeza funso loyamba loona imaima pomwepo, enawo siiwayang'ananso. Inu zimenezo mwazipewa. Fufutani mawu oti "sanalembe" aja musiye mopanda kanthu, nkhani yatha.

Madamu a Sayansi: Ndafufuta. Tsopano onse awiri ali ndi F. Komatu sanalephere, sanalembe. Mmodzi anali kudwala ndipo kalata ilipo.

Achikulire a Mayeso: Zonse ziwirizi zili ndi chifukwa chake madamu. Excel ikamayerekeza mawu ndi nambala, imatenga mawu alionse ngati aakulu kuposa nambala iliyonse. Ndiye mukaifunsa ngati "sanalembe" ndi wamkulu kapena wofanana ndi 80, iyo imavomera, ndipo poti limenelo ndi funso loyamba m'fomula yanu, A amatulukira pomwepo. Mukanalemba "odwala", kapena kamzere chabe, zikanakhala chimodzimodzi. Kabokosi kopanda kanthu imakawerenga ngati 0, n'chifukwa chake mafunso onse anayi akukanidwa ndipo mwana akugwera pa F wa kumapeto uja.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine pa IF wolowetsana chonchi n'chakuti saonetsa kuti chinachake chalakwika. Chilichonse chimene mungamupatse amabweza chilembo chooneka bwino. Inu mwazindikira chifukwa ana awiriwo mukuwadziwa. Akanakhala malikisi a kalasi ya mnzanu, ana mazana awiri, A ameneyo akanapita pa lipoti.

Mlembi wa Sukulu: Zimenezi zinandichitikirapo ine m'njira ina. Anandipatsa malikisi ochokera mu pulogalamu ina, n'kuwamata mu Excel. Pooneka anali manambala ndithu, 34, 51, 47, koma kalasi yonse inakhoza ndi A. Aphunzitsi ake anasangalala kwa kanthawi kochepa kkkk. Kenako tinaona kuti manambala aja akhala kumanzere kwa kabokosi m'malo mwa kumanja, ndipo pakona pali kachizindikiro kobiriwira. Anali atalowa ngati mawu.

Achikulire a Mayeso: Ndi matenda omwewo mayi. 34 wolowa ngati mawu, kwa Excel ndi mawu basi, ndipo amaposa 80. Njira yachangu yodziwira ndi kulemba ziwiri izi pambali:

```
=COUNT(B2:B61)
=COUNTA(B2:B61)
```

Yoyamba imawerenga manambala enieni okha, yachiwiri imawerenga kabokosi kalikonse kamene muli chinthu. Zikasiyana, ndiye kuti pena pake pali mawu. Ngati mukudziwa kuti osalemba ndi awiri koma kusiyana kwake ndi 5, pali atatu ena oti muwasake.

Koma madamu, ine ndikanakonda kuti malirewo muwachotse m'fomula muwaike pa tebulo. Mu E2 mpaka F6 lembani chonchi:

```
0    F
40   D
50   C
65   B
80   A
```

Kenako mu C2:

```
=VLOOKUP(B2,$E$2:$F$6,2,TRUE)
```

Nambala iliyonse kumanzereko ndi poyambira giredi, osati pothera. Musalembe "40-49" m'kabokosi kamodzi, amenewo ndi mawu ndipo sizigwira. Lembani 40 yekha. Ndipo tebulolo liyambe ndi nambala yaing'ono kumtunda, yaikulu kumunsi. Yesani, mawu oti "sanalembe" aja muwabwezeretse kaye, mutiuze chimene chituluke.

Madamu a Sayansi: Ndayesa. Ana awiri aja tsopano akuonetsa `#N/A`. Enawo magiredi ake akufanana ndi a IF aja, ndayang'ana mzere ndi mzere.

Achikulire a Mayeso: Ndi zimene ndimafuna muone. `#N/A` sakongola, koma akunena zoona: chimene mwandipatsachi pa tebulo palibe. Ndipo 34 wa mawu wa amayi aja akanatulukanso `#N/A`, osati A.

Wapulakatisi: Pepani achikulire, ife anatiphunzitsa kuti VLOOKUP nthawi zonse izithera ndi FALSE, kuti TRUE imabweretsa zolakwika. Ndiye apa si pofunika FALSE?

Aphunzitsi a Masamu: Ndi pamene ine ndimakanira VLOOKUP pa nkhani ya magiredi. TRUE uja amatanthauza kuti ikasowa nambala yeniyeni ingotenga yoyandikira. Mwana wa 79 wayandikira 80 kuposa 65, ndiye mupeza yamukweza n'kumupatsa A. Giredi ya mwana si yongoyerekeza. IF amachita zimene wamuuza, osawonjezera.

Achikulire a Mayeso: Aphunzitsi, pamenepo ndikutsutsani pang'ono. Siitenga yoyandikira. Imatenga nambala yaikulu kwambiri pa tebulo imene siikupitirira malikisi a mwanayo. Kwa mwana wa 79, manambala osapitirira 79 ndi 0, 40, 50 ndi 65, ndipo wamkulu mwa amenewa ndi 65, ndiye B. Ngakhale 79.9 ndi B. Ili ngati masitepe: ngati phazi silinafike pa sitepe ya 80, mwaima pa ya 65, kaya mwatsala pang'ono bwanji. Madamu angathe kulemba 79 pa mzere wopanda mwana atiuze.

Kwa inu apulakatisi, amene anakuphunzitsaniyo sananame, koma ankanena za ntchito ina. Mukamasaka dzina la mwana pogwiritsa ntchito nambala yake ya mayeso, mukufuna nambala yeniyeniyo, ndiye FALSE. Apa mukaika FALSE, okhawo amene apeza 0, 40, 50, 65 kapena 80 ndendende ndi amene alandire giredi, ena onse `#N/A`. Kuti FALSE agwire mungafunike tebulo la mizere 101, kuyambira 0 mpaka 100, ndipo mwana wa 62.5 angakusowetsenibe mtendere.

Madamu a Sayansi: 79 yatulutsa B. 80 yatulutsa A. 64 yatulutsa C.

Aphunzitsi a Masamu: Chabwino, pamenepo ndagonja. Koma funso langa likadalipo. Magiredi ndi asanu okha. Fomula ya madamu ija ndi mzere umodzi, aliyense akhoza kuiwerenga n'kumva. N'chifukwa chiyani tikuwonjezera tebulo, ndi madola a `$` aja, ndi TRUE, pa chinthu chimene chimagwira kale? Vuto la "sanalembe" likhoza kutha ndi IF mmodzi wowonjezera kutsogolo.

Achikulire a Mayeso: Likhozadi kutha choncho, sindikukana. Pa magiredi asanu amene sadzasintha, m'fayilo ya munthu mmodzi, IF alibe mlandu. Nkhani imayamba tsiku limene a dipatimenti anena kuti B ayambire pa 70 osati 65. Ndi tebulo, mumasintha kabokosi kamodzi, E5, ndipo ana onse amasintha nthawi yomweyo. Ndi IF, 65 ameneyo ali m'kabokosi kalikonse ka kolamu C, pa shiti iliyonse ya kalasi iliyonse. Mukonza C2, mukokera pansi, koma dzanja likaima pa mzere 48 pamene ana akuthera pa 61, ana khumi ndi atatu akumunsiwo akadali pa malire akale. Poyang'ana simungaone kanthu, chifukwa B ndi B basi. Mpaka mwana wa 67 wa kumtunda ndi mnzake wa 67 wa kumunsi adzaonetsane malipoti.

Chachiwiri, ahedi akafunsa kuti mwagwiritsa ntchito malire ati, tebulo mumangowalozera, ngakhale munthu wosadziwa Excel amaliwerenga. Malire a mu IF ayenera kudina kabokosi n'kumawerenga pakati pa mabulaketi.

Mlembi wa Sukulu: Komanso si onse ali ndi magiredi asanu. Ine ndimalemba za aphunzitsi amene amafuna A+, A, B+, B, mpaka magiredi khumi ndi awiri. Mabulaketi otsekera kumapeto kuja ndimachita kuwawerenga ndi chala pa sikirini. Ndipo pa lipoti amafunanso ndemanga pambali pa giredi, "wakhoza bwino kwambiri", "alimbikire", zoterozo. Ndiye kuti IF wina wautali chimodzimodzi mu kolamu D, malire omwewo kuwalembanso kachiwiri.

Achikulire a Mayeso: Pa tebulo ndemangazo zimangokhala kolamu yachitatu, G. Fomula yake ndi yomweyo, kungokulitsa tebulo lifike ku G n'kusintha 2 kukhala 3:

```
=VLOOKUP(B2,$E$2:$G$6,3,TRUE)
```

Giredi ndi ndemanga zikuchokera pa mzere umodzi, ndiye sizingasemphane. Za magiredi khumi ndi awirizo, kale mu Excel 2003 munthu sankatha n'komwe kulowetsana ma IF ochuluka choncho, malire ake anali 7. Kuyambira Excel 2007 anakweza kufika 64, koma kuloledwa sikutanthauza kuti wina adzatha kuiwerenga fomulayo inu mutachoka.

Wapulakatisi: Ine ndayesa pa malikisi anga koma zikukanika. Mwana woyamba zatheka, wachiwiri ali ndi 35 yalemba `#N/A`, ndipo kuyambira mzere 7 kutsika onse `#N/A`.

Mlembi wa Sukulu: Dinani pa C3 muone ngati madola alipo.

Wapulakatisi: Ikuonetsa `E3:F7`. Ndinaona ngati madolawo ndi ongokongoletsa.

Mlembi wa Sukulu: Kkkk ayi achimwene. Popanda madola, mukamakokera pansi tebulo nalonso limatsetsereka. Pa C3 layambira pa E3, ndiye mzere wa 0 watsala kunja, n'chifukwa chake wa 35 akusowa pogwera. Pofika C7 likuyang'ana E7 mpaka F11, kumene kulibe kanthu. Bwererani pa C2, sankhani `E2:F6` m'fomulamo, dinani F4, madola alowa okha, kenako kokeraninso.

Aphunzitsi a Masamu: Mwaona? IF alibe zimenezi.

Madamu a Sayansi: Koma aphunzitsi, apa cholakwikacho chaonekera poyera, mnyamatayu wachiona yekha. A wa ana anga aja anangokhala phee.

Aphunzitsi a Masamu: Ndiye ndikuuzeni pamene tebulo lanulo limalakwitsa mwakachetechete. Munthu aliyense akamalemba magiredi amayamba ndi A kumtunda, F kumunsi. Ndi mmene zimakhalira pa chikalata chilichonse. Wina adzalitembenuza tebulolo kuti lioneke bwino. Achikulire, nenani chimene chimachitika.

Achikulire a Mayeso: Apa mwalasa, ndipo ndi chofooka chachikulu cha njira imeneyi. VLOOKUP ya TRUE siiwerenga tebulo mzere ndi mzere kuchokera kumtunda. Imakhulupirira kuti manambala akukwera, ndiye imayambira pakati n'kumataya theka. Titenge tebulo lotembenuzidwa, 80, 65, 50, 40, 0, ndi mwana wa 72. Iyang'ana pakati, ipeza 50. Poti 50 ndi wochepa kuposa 72, iganiza kuti zazikulu zili kumunsi, ndiye za kumtunda zonse, kumene kuli 65 wofunikayo, izisiya. Kumunsi ipeza 40, kenako 0, onse osapitirira 72, ithera pa mzere womaliza. Mwana wa B walandira F, popanda chenjezo lililonse. Mwana wa 45 zimayenda mosiyana: 50 wamupitirira, ndiye ikwera kumtunda, ipeza 80 ndi 65 onse akumupitirira, ibweza `#N/A`.

Tebulo lotembenuzidwa lonse limagwidwa msanga, chifukwa kalasi imadzaza ndi F ndi `#N/A`. Loopsa ndi limene mzere umodzi wokha wasokonekera, mwachitsanzo wina pofuna kulemba 65 walemba 56, kapena wawonjezera giredi yatsopano kumunsi m'malo moiika pamalo pake. Pamenepo ana ambiri amatuluka bwino, ochepa okha ndi amene amalakwiridwa.

Madamu a Sayansi: Ndiye munthu ungadziwe bwanji? Ine sindingayang'ane ana onse pamanja teremu iliyonse, cholinga cha fomula n'chakuti ndisatero.

Achikulire a Mayeso: Simufunika kuyang'ana ana onse. Yesani m'malire mokha, chifukwa zolakwika zimabisala mmenemo. Pambali penapake lembani manambala awa motsika: 0, 39, 40, 49, 50, 64, 65, 79, 80, 100. Ikani fomula yanu pambali pake. Muyenera kuona F, F, D, D, C, C, B, B, A, A. Pakasiyana paliponse, tebulo kapena fomula ili ndi vuto. Mayeso omwewa amagwiranso IF. Munthu amene analemba `>` m'malo mwa `>=` amagwidwa pa 40, 50, 65 ndi 80, chifukwa mwana wa 50 ndendende amamutsitsira ku D. Mizere khumi imeneyi ine ndimaisiya m'fayilo osaifufuta, kuti wina akakhudza tebulo ndione msanga.

Mlembi wa Sukulu: Ndiwonjezere china chimene ndinachionapo. Tebulo likakhala pambali pa mayina a ana, monga mu E2 mpaka F6, tsiku lina mwana wa pa mzere 3 adzasamuka sukulu, wina n'kufufuta mzere wonsewo. Mzere wa "40 D" upita naye limodzi. Fomula siidandaula, imangodzichepetsa, ndipo ana onse a 40 mpaka 49 amasanduka a F.

Achikulire a Mayeso: Zoona mayi, ndipo ndikanayenera kuyambira pamenepo. Ndinaliika pambali kuti madamu aone zonse pa sikirini imodzi. Pa ntchito yeniyeni tebulo likhale pa shiti yakeyake. Itchuleni Malire, tebulo liyambire pa A2, makalasi onse aziloza kumeneko:

```
=VLOOKUP(B2,Malire!$A$2:$C$6,2,TRUE)
```

Mukatero mukhoza kusanja mayina, kufufuta mizere, kusefa, tebulo osakhudzidwa.

Bambo a Kompyuta: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Bwanji mukuvutika ndi zakale? XLOOKUP inathetsa nkhani yosanja tebuloyi.

```
=XLOOKUP(B2,Malire!$A$2:$A$6,Malire!$B$2:$B$6,,-1)
```

-1 wa kumapetoyo akutanthauza kuti ikasowa nambala yeniyeni itenge yocheperapo yotsatira. Tebulo likhale A kumtunda kapena F kumtunda, yankho ndi limodzi. Ndipo amene akukakamira IF, pali IFS imene ilibe mabulaketi ambirimbiri aja.

Madamu a Sayansi: Ndaikopera momwemo, yalemba `#NAME?`.

Bambo a Kompyuta: Excel yanu ndi ya chaka chanji?

Madamu a Sayansi: 2016.

Bambo a Kompyuta: Aa, ndiye iwalani. XLOOKUP imafuna Excel 2021 kapena Microsoft 365. Mu Google Sheets iliponso.

Achikulire a Mayeso: XLOOKUP ndi yabwino, amene ali nayo ndipo fayilo yake siituluka pa kompyuta yake agwiritse ntchito. Koma fayilo ya magiredi imayenda m'manja ambiri, ndipo imakafika pa kompyuta yakale kwambiri pasukulupo. VLOOKUP imatseguka paliponse. IFS nayo imafuna Excel 2019 kupita kutsogolo, ndipo imangochepetsa mabulaketi, malire akadali m'fomula, ndipo "sanalembe" adzalandirabe A.

Wapulakatisi: Za `#N/A` wa ana osalembawo, ine ndapeza njira. Mukulunga fomula yonse mu IFERROR n'kuika "F" kumapeto, ma `#N/A` onse amachoka.

Mlembi wa Sukulu: Ayi ayi, chonde musatero. Mukatero ndiye kuti mwana wodwala uja walephera, mwana amene 74 wake analowa ngati mawu walepheranso, ndipo madola akasowa theka la kalasi lilephera, inu osadziwa kanthu.

Achikulire a Mayeso: Mayi anena zoona. Bisani chokhacho chimene mukuchidziwa, china chilichonse chisiyeni chizikuwa. Madamu amalemba "sanalembe", ndiye fomula ifunse za mawu amenewo basi:

```
=IF(B2="sanalembe","-",VLOOKUP(B2,Malire!$A$2:$C$6,2,TRUE))
```

Wina akalemba "sanalenbe" molakwitsa, kapena nambala ikalowa ngati mawu, `#N/A` atulukabe ndipo mupita kukaona. Taonani aphunzitsi a masamu, IF wanu uja sanatayidwe, wapeza ntchito yomuyenera: funso limodzi la inde kapena ayi.

Aphunzitsi a Masamu: Kkkk mwamusiyira ka ntchito ka pageti. Koma ndili ndi china, ndipo ichi musachipeputse. Mwati ubwino wa tebulo ndi wakuti ukasintha kabokosi kamodzi ana onse amasintha. Ubwino womwewo ndi umene ukundiopsa. Fayilo yanga ili ndi mashiti a materemu atatu. Onse akamaloza pa Malire amodzi, ndipo teremu yachitatu B n'kukwera kufika 70, magiredi a teremu yoyamba ndi yachiwiri asinthanso, pamene malipoti ake makolo analandira kale. Kholo likabwera ndi lipoti lolembedwa B, inu pa kompyuta mukuona C, mudzayankha chiyani? Ndi IF, shiti yakale imakhala ndi malire ake akale mpaka kalekale.

Achikulire a Mayeso: Ichi sindichipeputsa, n'choona ndithu. Njira zilipo ziwiri. Teremu ikatsekedwa, sankhani kolamu ya magiredi, kopani, n'kumata pomwepo ndi Paste Special, Values, kuti zikhale zilembo chabe zosadalira tebulo. Kapena teremu iliyonse ikhale ndi tebulo lake pa shiti ya Malire, lolembedwa teremu ndi chaka pamwamba. Ine ndimakonda yachiwiriyi chifukwa imasunganso umboni wa malire amene anagwira ntchito nthawi imeneyo. Koma zonse ziwiri zimafuna kuti munthu akumbukire kuchita, ndipo akaiwala, zimene mwanenazo zichitikadi.

Aphunzitsi a Masamu: Ndiye ine za m'kalasi mwanga ndikhalabe ndi IF. Za dipatimenti yonse, kumene tikugawana fayilo, tebulo ndalivomera.

Madamu a Sayansi: Ndisanatseke, pali china chandidodometsa. Pa shiti ina malikisi ndi ophatikiza, ntchito za m'kati mwa teremu ndi mayeso omaliza. Mwana wina malikisi ake akuonetsa 80 koma giredi ndi B. Ndayesa IF, ndayesa VLOOKUP, onse akuti B.

Mlembi wa Sukulu: Dinani pa kabokosi kameneko muwonjezere madesimo ndi batani la Increase Decimal. Ndikukhulupirira kuti si 80 weniweni.

Madamu a Sayansi: Ndi 79.6.

Achikulire a Mayeso: Eya. Kabokosi kanakonzedwa kuti kazionetsa nambala yopanda madesimo, ndiye maso akuona 80, koma fomula ikuwerenga 79.6 amene ali m'kati. Onse awiri ayankha molondola malinga ndi malire amene munawapatsa. Ngati lamulo la sukulu yanu ndi lakuti malikisi azikhala athunthu musanapereke giredi, chitani zimenezo pa malikisi penipenipo, m'fomula yophatikizayo muikemo ROUND, mwachitsanzo `=ROUND(D2+E2,0)`, kuti chimene chikuoneka ndi chimene chikuwerengedwa zikhale chimodzi. Mukaika ROUND m'kati mwa VLOOKUP mokha, giredi idzakhala A koma avereji ndi mapozishoni zidzawerengedwabe ndi 79.6.

Pano mpamenenso IF wa mtundu wina amagwa. Ena amalemba malire onse awiri, `AND(B2>=65,B2<=79)` kwa B ndi `B2>=80` kwa A. Mwana wa 79.6 sali mwa awiriwa, ndiye amadutsa mafunso onse n'kukagwera pa chomaliza, chimene nthawi zambiri ndi F. Tebulo la poyambira pokha lilibe mipata yotere.

Aphunzitsi a Masamu: Ine ROUND ameneyo sindigwirizana naye. Malire akati 80 ndi 80. Mukayamba kukweza 79.6, ndiye kuti 79.5 nayenso ndi A, ndipo 39.5 wakhoza. Mwatsitsa malire onse ndi theka la malikisi popanda kuuza aliyense.

Mlembi wa Sukulu: Koma aphunzitsi, pa lipoti timasindikiza manambala athunthu. Kholo liona 80 pambali pake B, pamene m'munsi mwa lipoti lomwelo talemba kuti 80 ndi A. Amene amayankha mafunso pawindo ndine.

Aphunzitsi a Masamu: Ndiye sindikizani 79.6 momwemo. Kapena dulani madesimo ndi INT aoneke 79.

Bambo a Kompyuta: INT ndiye nkhanza, mwana wa 79.9 mukumubweza pa 79.

Aphunzitsi a Masamu: Sindikumubweza, 80 sanafikepo.

Achikulire a Mayeso: Apa Excel singatiweruze, idzachita chilichonse mwa zitatuzi mukaiuza. Chofunika n'chakuti aphunzitsi onse a sukulu imodzi achite chimodzi, apo ayi 79.6 adzakhala A ku sayansi ndi B ku masamu. Madamu, funsani a dipatimenti. Akasankha kukweza koma osafuna kukhudza malikisi, mukhozanso kungolemba 39.5, 49.5, 64.5 ndi 79.5 pa tebulo lija, aliyense wotsegula shiti ya Malire n'kuona kuti lamulo ndi limenelo.

Wapulakatisi: Nanga wina akalemba 850 m'malo mwa 85? Ndayesa dala, yapereka A.

Achikulire a Mayeso: IF nayenso apereka A. Pa tebulo onjezerani mzere wa chisanu ndi chimodzi kumunsi, 101 ndi mawu oti ONANI. Koma samalani, mzere wowonjezera kumunsi fomula siiuona yokha, musinthe `$C$6` akhale `$C$7` n'kukokeranso pansi. Zimenezi zigwira 850, koma 58 wolembedwa m'malo mwa 85 palibe fomula imene ingamugwire, ameneyo ndi wa maso anu ndi pepala la mwana.

Madamu a Sayansi: Ndasamutsa tebulo kupita pa shiti ya Malire, mzere wa 101 ndaika, manambala khumi oyesera aja atuluka F, F, D, D, C, C, B, B, A, A, ndipo ana awiri aja ali ndi kamzere. Za 79.6 ndawalembera a dipatimenti, akuti tikakambirane pa msonkhano wa Lachisanu chifukwa aphunzitsi ena akhala akukweza pamanja, ena ayi. Lipoti la mwana ameneyo ndaliika kaye pambali.

Mlembi wa Sukulu: Mukafunsenso za 39.5 madamu, osati 79.6 yekha. Mkangano weniweni ukakhala pamenepo.